Nembanemba ya selo: mafuta otseka njira ndi mapuloteni oitsegula

Madzi amene munthu wamkulu amalowetsa pakamwa tsiku lonse, kuphatikizapo a m'chakudya, amakhala pafupifupi malita 2. Koma matumbo aang'ono amalandira ochuluka kuposa pamenepo, malita 8 kapena 9, chifukwa thupi limathiramo akeake: malovu, timadzi ta m'chifu, ndulu ndi timadzi tina togaya chakudya. Madzi onsewa akanati azitayika, palibe amene akanagona n'kudzuka. Komatu amene amatuluka ndi chimbudzi sadzaza ndi kapu yomwe, mamililita 100 mpaka 200 basi. Otsalawo amabwerera m'magazi, ndipo amene amawabweza ndi maselo oyala mkati mwa matumbo, ondandalikana mzere umodzi wokha.

Kolera ikabwera, madziwo amayamba kuyenda chobwerera. Munthu amene yamugwira kwambiri amatha kutaya lita imodzi pa ola. Mliri umene unayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 unagwira anthu oposa 58,000 m'Malawi muno, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Chodabwitsa n'chakuti matumbo a odwala kolera sakhala ong'ambika kapena azilonda. Mukawaunika pa mayikulosikopu, maselo ake amaoneka athunthu. Chimene chimasokonekera ndi kayendedwe ka mchere pa kachikopa kopyapyala kokuta selo lililonse, kamene timakatcha nembanemba ya selo. Kuti timvetse matendawa ndi mankhwala ake, tiyenera kuyamba taiona bwino nembanembayo.

Mizere iwiri ya mafuta

Nembanemba ya selo ndi yochindikala pafupifupi mananomita 5. Mutasanjikiza nembanemba 20,000, m'pamene mungafike pa kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope. Inapangidwa ndi mafuta otchedwa mafosifolipidi, ndipo molekyu iliyonse ya mafutawa ili ndi mutu umodzi ndi michira iwiri. Mutuwo umagwirizana ndi madzi, pomwe michirayo imadana nawo. Popeza kunja kwa selo kuli madzi, mkati mwakenso muli madzi, mamolekyuwa amadzikonza okha m'mizere iwiri. Mzere wina umalozetsa mitu kunja, wina umalozetsa mitu mkati, ndipo michira yonse imakumana pakati pomwe palibe madzi.

Amene anayamba kuonetsa kuti mizereyi ndi iwiri ndi Evert Gorter ndi François Grendel a ku Netherlands, m'chaka cha 1925. Anatenga maselo ofiira a m'magazi, nachotsamo mafuta onse, n'kuwayala pamwamba pa madzi kuti akhale mzere umodzi. Malo amene mafutawo anaphimba anali aakulu pafupifupi kawiri kuposa khungu la maselo amene anachokerako.

Mizere iwiriyi si youma. Mamolekyu ake sanamangidwe pamodzi, amangokhala mokhudzana, ndipo amasinthana malo ndi anzawo oyandikana nawo nthawi ndi nthawi. Mapuloteni ambirimbiri amene anamira m'nembanembamo nawonso amasuntha. Mu 1970, Larry Frye ndi Michael Edidin analumikiza selo la mbewa ndi selo la munthu kukhala selo limodzi, napaka mapuloteni a mbewa utoto wobiriwira, a munthu wofiira. Poyamba theka la selolo linali lobiriwira, theka lofiira. Patatha mphindi 40 pa madigiri 37, mitundu iwiriyo inali itasakanikirana ponseponse. Ataziziritsa maselowo, kusakanikiranako kunachedwa kwambiri. Apa n'pamene pali vuto limene selo lililonse limalimbana nalo. Nembanemba ikalimba kwambiri, mapuloteni ake amalephera kusuntha ndi kusintha maonekedwe, ndiye kuti ntchito yaima. Ikafewa kwambiri, pakati pa michira pamatseguka timipata, zinthu n'kumadutsa popanda woziletsa.

Chinthu choyamba chimene chimalamula kufewa kumeneku ndi michira ija. Aliyense amene anasiyapo ndiwo za nyama ya mbuzi usiku wa mu Juni amadziwa kuti m'mawa mafuta amakhala atagwirana, ayera pamwamba pa msuzi, pomwe mafuta ophikira a mpendadzuwa m'botolo amakhalabe amadzimadzi. Kusiyana kwake kuli pa michira. Mafuta a nyama ali ndi michira yambiri yowongoka, imene imagona mothithikana ikazizidwa. A mpendadzuwa ali ndi michira yopindika pakati, yosatheka kuipanikiza bwino. M'nembanemba zilinso chimodzimodzi. Fosifolipidi wina wa michira iwiri yowongoka, wotchedwa DPPC, amagwirana kutentha kukatsika pansi pa madigiri 41, kutanthauza kuti ngakhale m'thupi la munthu wamoyo akanakhala wolimba akanakhala yekha. Mnzake wa michira iwiri yopindika, DOPC, amakhalabe wofewa ngakhale madzi ataundana kale.

Ntchito ya kolesitolo

Ambiri timalimva dzina la kolesitolo kuchipatala, pokamba za mtima ndi mitsempha ya magazi, moti timamuona ngati poizoni. Nkhani ya kolesitolo woyenda m'magazi ndi ina, ndipo malangizo a madokotala pa nkhaniyo ndi oona. Koma kolesitolo wambiri wa m'thupi sali m'magazi ayi. Ali m'nembanemba za maselo, ndipo popanda iye selo la munthu silingakhale moyo. Pa nembanemba yakunja ya maselo athu, pa mamolekyu 10 aliwonse a mafuta, atatu kapena anayi ndi kolesitolo. M'maselo ofiira amatsala pang'ono kufanana chiwerengero ndi mafosifolipidi.

Maonekedwe ake ndiwo amafotokoza ntchito yake. Ali ndi kamutu kakang'ono kwambiri kogwirizana ndi madzi, kenako thupi la mphete zinayi zolumikizana, lophwatalala ndi losapindika, kenako kamchira kafupi. Amalowa pakati pa mafosifolipidi choimirira, kamutu kake kali pafupi ndi mitu yawo, thupi lake lolimbalo litagona motsamira chigawo chakumtunda cha michira.

Tsono taonani zimene zimachitika pa kutentha kwa thupi, madigiri 37. Michira ya mafosifolipidi imakhala ikugwedezeka, kupindika ndi kuwongoka mosalekeza. Mchira umene wagundana ndi thupi losapindika la kolesitolo sungapindikire mbali imeneyo, choncho umakakamizika kuwongoka. Michira ikawongoka, mamolekyu amayandikana, timipata timatsekeka, ndipo nembanemba imachindikala pang'ono. Imakhala yolimbirapo, ndipo madzi ndi tinthu tina ting'onoting'ono timavutika kudutsamo. Komabe mamolekyuwo saima, amapitiriza kusinthana malo.

Kukazizira, kolesitolo yemweyo amachita zosiyana. Michira yowongoka imafuna kugona mothithikana kuti igwirane, koma pakati pake pakhala chinthu cha maonekedwe ena, chosalowa m'ndandanda wawo. Ndandandawo umasokonezeka, ndipo nembanemba imalephera kugwirana. Akatswiri amaziona izi poyera akamatenthetsa DPPC pang'onopang'ono mu chipangizo choyezera kutentha kumene chinthu chikumeza. DPPC ali yekha amasungunuka mwadzidzidzi pa madigiri 41. Akamuwonjezera kolesitolo, kusinthako kumayamba kuchitika mwapang'onopang'ono pa madigiri ambiri, ndipo kolesitolo akayandikira theka la mafuta onse, malire a pakati pa kulimba ndi kufewa amasoweratu.

N'chifukwa chake funso lakuti kodi kolesitolo amafewetsa kapena amalimbitsa nembanemba lilibe yankho limodzi. Amalimbitsa yofewa, amafewetsa yolimba. Kwa ife anthu, amene matupi athu amakhala pa madigiri 37 usana ndi usiku, mbali yofunika kwambiri ndi yoyambayo, yotseka timipata. Mabuku ambiri a sukulu amaika mbali ziwirizi pa mlingo umodzi, koma ndikuona kuti m'thupi la munthu ya kutsekayo ndi imene wophunzira ayenera kuigwira poyamba. Mbali ya kuzizira imaonekera kwambiri kwa alimi obereketsa ziweto ndi umuna wosungidwa. Umuna wa nkhumba uli ndi kolesitolo wochepa m'nembanemba zake, ndipo umawonongeka msanga ukazizidwa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake amausunga pa madigiri 15 mpaka 17, osati mufiriji wamba.

Selo silisiya kuchuluka kwa kolesitolo m'manja mwa zimene tadya tsiku limenelo. Limatha kudzipangira wake, ndipo lili ndi mapuloteni oyeza kuchuluka kwake m'nembanemba ina ya mkati mwa selo, mmene kolesitolo amakhala wochepa mwachibadwa, pafupifupi magawo 5 pa 100. Akatsika pansi pa mlingo umenewu, selo limayamba kupanga wina ndi kukoka wina kuchokera m'magazi. Akakwera, limasiya. Maselo ofiira okhwima alibe zoyezera zimenezi, ndipo amangosinthana kolesitolo ndi madzi a m'magazi amene akuyandamamo. Kwa anthu ena amene chiwindi chawo chawonongeka kwambiri, mafuta a m'magazi amasokonekera, kolesitolo n'kudzazana m'nembanemba za maselo ofiira. Maselowo amauma gwa, ndipo pa mayikulosikopu amaoneka ali ndi timinga tosalingana m'mbali. Selo lofiira labwino limapindika kuti lidutse m'timipata topapatiza ta m'kapamba. Louma limakodwa pamenepo n'kuphwanyidwa, wodwalayo n'kuyamba kuchepa magazi.

Zodutsa zokha ndi zofuna khomo

Pakati pa nembanemba ndi pa mafuta okhaokha, choncho chimene chimasungunuka m'mafuta chimadutsa mosavuta. Mpweya wa okosijeni ndi wa kaboni dayokisaidi umangolowa ndi kutuluka, mowa nawonso chimodzimodzi. Madzi amadutsa, koma mochedwerapo. Shuga wa gulukosi ndi wamkulu ndipo amakonda madzi, kotero amadutsa pang'ono kwambiri moti selo lingafe ndi njala litadalira zimenezo. Ovutika kuposa onse ndi tizigawo ta mchere. Mchere wa m'ndiwo ukasungunuka umagawika kukhala sodiyamu ndi kulorayidi, ndipo chilichonse mwa ziwirizi chili ndi mphamvu ya magetsi imene imachititsa kuti mamolekyu a madzi achikute mbali zonse. Kuti sodiyamu alowe m'mafuta ayenera kuvula madzi onsewo, chinthu chovuta kwambiri moti amadutsa mochedwa kuposa madzi maulendo mamiliyoni mazanamazana.

Kutsekeka kumeneku si chilema. Chifukwa choti mafuta salola sodiyamu kudutsa, selo limatha kusankha lokha malo ndi nthawi yomudutsitsira, pogwiritsa ntchito mapuloteni amene amapyoza nembanemba kuchokera kunja mpaka mkati.

Mapuloteni ena ndi ngalande. Ali ndi kabowo pakati, kamene kamatseguka ndi kutsekeka, ndipo kakatseguka tinthu toyenera timadutsa mondondozana, mamiliyoni makumi angapo pa sekondi. Ngalande iliyonse imasankha. Ya potaziyamu imakana sodiyamu ngakhale kuti sodiyamu ndi wocheperapo msinkhu, chifukwa kabowo kake kanapangidwa moti kamakhudza potaziyamu mbali zonse m'malo mwa madzi amene wavula, pomwe sodiyamu sakwanamo bwino, ndiye savula madzi ake. Roderick MacKinnon ndiye anaonetsa kapangidwe kameneka mu 1998. Madzi nawonso ali ndi ngalande zawo, maakwapolini, amene Peter Agre anawatulukira mu 1992, ndipo awiriwa anagawana mphoto ya Nobel ya 2003.

Mapuloteni ena ndi onyamula. Awa alibe bowo lotseguka mbali zonse ziwiri. Amatsegula pakamwa kunja, n'kugwira molekyu imodzi, kutseka, kenako n'kutsegukira mkati kuti aitule. Popeza ulendo uliwonse umafuna kuti puloteni yonse isinthe maonekedwe, amachedwa: mazana kapena masauzande ochepa pa sekondi. Amakhalanso ndi malire, chifukwa onse akatanganidwa, kuwonjezera katundu sikuwonjezera liwiro. Malire amenewa ndi amene amachititsa mkodzo wa munthu wa matenda a shuga kuitana nyerere. Impso zimasefa gulukosi n'kumubwezanso m'magazi kudzera mwa onyamula, koma shuga wa m'magazi akapitirira pafupifupi mamilimolo 10 pa lita, onyamulawo amakhala atakwanira, ndipo wotsalayo amapita ndi mkodzo.

Ngalande ndi onyamula wamba amangotsata kumene zinthu zikufuna kupita kale, kuchoka kochuluka kupita kochepa. Amene amakankhira zinthu chokwera ndi mapampu, ndipo amalipira ndi ATP, molekyu imene selo limasungiramo mphamvu yochokera ku chakudya. Pampu yofunika kwambiri m'maselo a nyama inapezedwa mu 1957 ndi Jens Skou wa ku Denmark, pofufuza mitsempha ya m'miyendo ya nkhanu. Pa ATP mmodzi aliyense imatulutsa masodiyamu atatu n'kulowetsa mapotaziyamu awiri. Zotsatira zake n'zakuti kunja kwa selo sodiyamu amakhala pafupifupi mamilimolo 140 pa lita, pomwe mkati ndi 10 mpaka 15. Potaziyamu ndiye amachuluka mkati. Kuwonjezera apo, mkati mwa selo mumakhala magetsi a mtundu wokoka sodiyamu. Zili ngati thanki ya madzi yokwezedwa pansanja: pampu imavutika kukweza madziwo, koma akakwera amatha kutsika okha ndi mphamvu kupita ku mpopi uliwonse umene watsegulidwa. Thanki yodontha ingathetse mphamvu za pampu pachabe, ndipo apa m'pamene kolesitolo akukumana ndi mapuloteni. Iye ndi amene amathandiza kuti sodiyamu wotulutsidwayo asabwerere m'timipata. Pampuyonso imamufuna pafupi. Akatswiri atajambula kapangidwe kake anapeza kolesitolo atamatirira pambali pake, ndipo ikaikidwa m'nembanemba yopanda kolesitolo imagwira ntchito mofooka.

Selo limodzi la m'matumbo

Tsopano titenge selo limodzi loyala matumbo aang'ono. Lili ndi nkhope ziwiri. Ina yayang'ana mkati mwa thumbo mmene mukudutsa chakudya, ina yayang'ana ku magazi. M'mbali lamatana ndi maselo anzake ndi lamba wa mapuloteni, amenenso amaletsa mapuloteni a nkhope ina kuyandama kupita ku nkhope inayo. Nkhope ya ku chakudya ili ndi kolesitolo wambiri ndipo ndi yolimbirapo kuposa inzake, zomwe n'zomveka poti ndi imene imakumana ndi ndulu, yomwe ntchito yake ndi kusungunula mafuta.

Pampu ya sodiyamu imakhala ku nkhope ya ku magazi kokha. Imatulutsira sodiyamu kumeneko, ndiye mkati mwa selo amakhala wochepa nthawi zonse. Ku nkhope ya ku chakudya kuli wonyamula wotchedwa SGLT1, amene sanyamuka pokhapokha atagwira masodiyamu awiri ndi gulukosi mmodzi. Sodiyamu akufunitsitsa kulowa, ndipo mphamvu ya kulowa kwakeko ndi imene imakokera gulukosi mkati, ngakhale mkatimo gulukosi atachuluka kale kuposa m'thumbo. Robert Crane ndiye anayamba kufotokoza ganizoli, pa msonkhano wa ku Prague mu 1960.

Mphamvuyi tingathe kuiwerengera. Sodiyamu ndi wochuluka kunja maulendo pafupifupi 10 kuposa mkati. Ngati magetsi a mkati ali pa mamilivoti 60 kumbali yokoka, amawonjezera maulendo ena 10. Sodiyamu mmodzi ndiye kuti akubweretsa 10 × 10 = 100, ndipo awiri akubweretsa 100 × 100 = 10,000. Pamawerengero, SGLT1 angathe kupitiriza kukoka mpaka gulukosi wa mkati atachuluka maulendo 10,000 kuposa wa m'thumbo. M'thupi sizifika pamenepo, chifukwa ku nkhope ya ku magazi kuli wonyamula wina, GLUT2, amene amalola gulukosi kutsikira yekha m'magazi. Koma ndi chifukwa chake nsima imene tadya siitayika: pafupifupi gulukosi yense amakhala atatengedwa chakudya chisanafike kumapeto kwa matumbo aang'ono.

Nanga madzi? Palibe pampu ya madzi. Madzi amangolondola kumene zosungunuka zachuluka. Sodiyamu ndi gulukosi akawoloka, kulorayidi amatsatira sodiyamu, ndipo madzi amatsatira onsewo, ena kudzera m'maselo, ena m'timipata ta pakati pa selo ndi selo. Malita 9 aja amabwerera m'magazi mwa njira imeneyi, polondola mchere ndi chakudya.

Khomo limene kolera imatsegula

Bakiteriya wa kolera salowa m'magazi kapena m'maselo. Amakhala pamwamba pa matumbo n'kumatulutsa poizoni, amene Sambhu Nath De wa ku Kolkata anasonyeza kuti alipo mu 1959. Poizoniyo ali ndi zigawo zisanu zogwirira ndi chimodzi chowononga. Zisanuzo zimamatirira ku mafuta ena a pa nembanemba otchedwa GM1, amene ali ndi michira yowongoka ndipo amakonda kusonkhana ndi kolesitolo m'timadera tolimbirapo. Selo limameza kachigawo ka nembanemba kameneko pamodzi ndi poizoniyo. M'maselo oweta mu labotale, akachotsa kolesitolo pa nembanemba, poizoniyo amavutika kulowa ndipo mphamvu yake imachepa.

Chikafika mkati, chigawo chowonongacho chimakanikiza puloteni ina yopereka uthenga kuti isazimenso. Uthengawo umatsegula ngalande ya kulorayidi yotchedwa CFTR, imene mwachibadwa imatseguka kwa kanthawi kuti inyowetse chakudya. Tsopano imakhala chitsegukire. Kulorayidi amakhuthukira m'thumbo, sodiyamu amamutsatira, madzi n'kutsatira onse awiri. Uthenga womwewo umaimitsanso wonyamula wina amene amalowetsa sodiyamu popanda shuga. Chimbudzi chimasanduka chamadzi oyererako ngati otsukira mpunga, ndipo madziwo amakhala ndi sodiyamu wochuluka pafupifupi ngati wa m'magazi, kuphatikizapo potaziyamu wambiri.

Koma poizoniyo sakhudza SGLT1, sakhudzanso pampu. Khomo la sodiyamu ndi gulukosi limakhala likugwirabe ntchito, likungosowa gulukosi. Pa mfundo imeneyi ndi pamene panachokera madzi a mchere ndi shuga, a ORS, amene ambiri kuno timawadziwa ndi dzina la Thanzi. David Nalin ndi Richard Cash anasonyeza ku Dhaka mu 1968 kuti madzi omwetsa otere amachepetsa kwambiri madiripi ofunika kwa odwala kolera. Mu 1971, pa nkhondo ya ku Bangladesh, Dilip Mahalanabis anasowa madiripi okwanira pa msasa wa othawa kwawo ku Bangaon, m'dziko la India. Anasakaniza mchere, soda ndi gulukosi m'migolo, nauza achibale kuti azimwetsa odwala awo. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse kufika pa osakwana 4.

Chifukwa chake muyeso si wongoganizira

Paketi ya ORS imene mabungwe a WHO ndi UNICEF akhala akulimbikitsa kuyambira mu 2002 imakhala ndi magalamu 13.5 a gulukosi, 2.6 a mchere wamba, 1.5 a mchere wa potaziyamu ndi 2.9 a sitireti, zonse za lita imodzi ya madzi. Zikasungunuka zimapereka mamilimolo 75 a gulukosi ndi 75 a sodiyamu. Popeza gulukosi mmodzi amatha kulowa ndi masodiyamu awiri, gulukosi ameneyu amakwanira kunyamula sodiyamu wa m'paketimo ndi kutolanso wina amene kolera yakhuthulira m'thumbo. Tinthu tonse tosungunuka tikawerengedwa pamodzi timakwana 245 pa lita, pomwe m'magazi muli pafupifupi 290. Kuchepa kumeneku n'kwadala. Madzi amapita kumene zosungunuka zachuluka, ndiye amachoka m'thumbo kulowa m'magazi. Paketi yakale inali ndi 311, ndipo anaichepetsa ataona kuti yatsopanoyi imachepetsa kusanza ndi kuchuluka kwa chimbudzi mwa ana.

Tiyeni tione chimene chimachitika mayi akasungunula paketi yonse m'botolo la theka la lita, poganiza kuti mankhwalawo akhala amphamvu. Zosungunuka zimakhala 490, kuposa za m'magazi, ndipo madzi amakokedwa kuchoka m'thupi la mwana kulowa m'thumbo. Sodiyamu amafika 150, ndipo akhoza kukwera m'magazi mpaka mwana kuyamba kukomoka. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo zili ndi vuto la mtundu wina: shuga wopitirira magalamu 100 pa lita, sodiyamu pafupifupi palibe. Onyamula ali ndi malire monga taonera, ndiye shuga wotsalayo amakhala m'thumbo n'kumakoka madzi, kutsegula m'mimba n'kuwonjezeka. Madzi okhaokha nawo sabwezera mchere wotayikawo, ndipo kwa wodwala kolera mchere wopanda shuga ulibe khomo lokwanira lolowera.

Pamene paketi palibe, muyeso wodziwika ndi masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Akakhala amchere kuposa misozi, ndiye kuti mchere wachuluka, atayidwe. Shuga wa mu tiyi amadulidwa pa nkhope ya selo kukhala gulukosi ndi fulukitosi, ndipo ndi gulukosi yekhayo amene amanyamula sodiyamu. Madzi okonza pakhomowa alibe potaziyamu, n'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati wodwala azidyanso nthochi, ndipo paketi ikapezeka ndi imene iyenera kugwiritsidwa ntchito. Phala lamadzimadzi la mpunga kapena chimanga lothira mchere pang'ono limathandizanso, pa chifukwa chosangalatsa. Sitachi ndi unyolo wautali wa magulukosi, ndipo unyolo wonsewo umakoka madzi ngati kanthu kamodzi kokha. Umadulidwa pang'onopang'ono pafupi ndi onyamula, choncho umapereka gulukosi wambiri popanda kukokera madzi m'thumbo. Kwa odwala kolera, ORS wopangidwa ndi ufa wa mpunga amachepetsa chimbudzi kuposa wa gulukosi.

ORS satseka ngalande ya CFTR. Maselo amene poizoni walowamo amakhala choncho mpaka atayoyoka n'kulowedwa m'malo ndi atsopano, zomwe zimatenga masiku atatu kapena asanu. Choncho kutsegula m'mimba kukapitirira munthu akumwa Thanzi, sikuti mankhwala alephera, ndipo kusiya kumwetsa pa chifukwa chimenechi n'kulakwitsa koopsa. Choyenera kuyang'ana n'chakuti kodi madzi olowa akuposa otuluka. Wodwala amene akukodza, amene maso ake sanalowe mkati, amene khungu la pamimba pake limabwerera msanga mukalitsina, ndiye kuti akupeza madzi okwanira. Akasanza, mudikire mphindi 10 n'kuyambanso pang'onopang'ono, supuni ndi supuni. Madzi osungunula kale akatha maola 24 atayidwe.

Aliyense amene akuganiziridwa kuti ali ndi kolera apite naye kuchipatala msanga, akumwa ORS m'njira. Ngati wafooka mpaka kulephera kumwa, akungosinza, khungu likutenga masekondi oposa awiri kuti libwerere, kapena akusanza chilichonse, onyamula a m'matumbo sangathenso kubweza madzi pa liwiro limene akutayikira. Ameneyo amafunika diripi yolowetsa madzi ndi mchere mwachindunji mumtsempha, ndipo amabwerera ku ORS akangoyamba kutha kumeza.